Makota a nzimbe

Chaka chimene ndinkayesedwa uphunzitsi ananditumiza kusukulu ina ya kwa Mkanda, n'kundipatsa Sitandade 4: ana opitirira handiredi okhala pansi, mabuku a masamu asanu ndi awiri. Uthenga utabwera woti alekichara a kukoleji adzaonera phunziro langa la mafulakishoni, mtima unali m'mwamba. Malikisi a tsiku limenelo ndiwo akanandipatsa kapena kundimana ntchito.

Pulani ya phunziro ndinailemba mwaluso, mphindi makumi atatu ndi zisanu nditazigawa bwinobwino. Poti mabuku sakanakwana, ndinapempha nzimbe khumi kudimba kwa eni nyumba imene ndinkakhala. Gulu lililonse lidule nzimbe yake zidutswa zinayi zofanana, chidutswa chimodzi ndiye kota. Ndinadzitama ndekha kuti ndine dolo. Chimene sindinaganize n'chakuti mpeni ndinali nawo umodzi wokha.

Ndikudula ndi gulu lakutsogolo, nditayeza ndi chingwe, ndinamva kumbuyo kuti thyo! thyo! Ana sanadikire. Ankathyolera pabondo monga amachitira kwawo, pamene mfundo yalola. Ndipo ankagawana mwaulemu wake: wamkulu chidutswa chachitali cha kutsinde, wamng'ono kansonga kosatsekemera.

Ndinalowa pakati pawo ndikulumpha miyendo. Mtsikana wina anandionetsa kansonga kake, kakafupi ngati chikhatho.

"Madamu, kota yanga iyi!"

Woyandikana naye ananyamulanso kota, yaitali ngati mkono. Phunziro lonse linafera pomwepo, chifukwa kota ndi kota pokhapokha zidutswa zonse zinayi zikafanana. Ndinayenera kuimitsa kalasi n'kuyambiranso. Koma ndinayang'ana kukhomo kumene alekichara anakhala, diso lili pawotchi, pulani yanga ili pamwendo. Inkanena kuti mphindi imeneyo ndikhale ndikumaliza. Zidutswa za m'munsi mwa ana iwo sankaziona.

Ndinachita mantha, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Ndinabwerera kubolodi n'kufuula kuti, "Kwezani makota anu!" Manja anakwera, diso la alekichara likadali pawotchi.

"Tamvana?"

"Eee, madamu!"

Phunziro litatha, alekichara anandigwira chanza. "Mwachita bwino, amayi. Zipangizo zopezeka pafupi, ana onse akutenga mbali, nthawi mwasunga." Ndinathokoza nditapinda mawondo.

M'mawa mwake ndinayesa kukonza. Ndinapinda pepala panayi, ndinalankhula mpaka mawu kusasa, koma a kumbuyo pepalalo sankaliona, ndipo ena anali atapita kukasoka fodya. Lachisanu ndinajambula mzere pabolodi n'kuudula panayi mosafanana dala. Ndinaloza kachidutswa kakang'ono.

"Iyi ndi kota?"

"Eee!"

Panalibe ndi mmodzi yemwe wokana. Amayi eni kalasi, amene ankandiyang'anira, anandinong'oneza kuti sikimu, ndondomeko ya maphunziro a teremu, yatisiya kale, Lolemba tiyambe mutu wina.

Ndinafufuta bolodi. Ana aja anapita nayo kota yawo ku Sitandade 5, ine ndinapita kukatenga satifiketi.