Galu wa Bambo pa Msewu wa ku Chipata

Bambo anga ananena mawu amodzi okha, kuti popanda galu wawo sakwera basi. Ndinamenya chitseko mpaka loko anagwedera, koma iwo anangopitiriza kusenda mbatata.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato. Fakitale yathu itagulidwa anatichotsa ntchito, ndipo mwini nyumba imene tinkachita lendi ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, anati akuifuna. Mkazi wanga ndi ana anapita kwa achibale ake ku Chawama, kuzipinda ziwiri. Bambo anati iwo sangakhale mtolo kwa apongozi anga, bola abwerere kwawo ku Mchinji kumene anachokako ali mnyamata, kumene kunali mlongo wawo. Zimenezo ndinavomera. Chimene chinandiwawa ndi galuyo, wofiira, wa khutu limodzi logwa, amene ankalonda naye pageti ya mzungu ku Kabulonga. Ine ndinalibe ntchito, ndinalibe nyumba, ndiye ndiziyendera mapepala a galu.

Ndinayendera ndithu. Ku ofesi ya zoweta anamubaya katemera wa chiwewe n'kundipatsa khadi. Ndinafunsa ngati tinganyamuke mawa lake. Mayi wa pawindo anaseka, nati katemerayo ayenera kutha mwezi m'thupi asanalole galu kuwoloka malire. Anatinso pafunika chilolezo cha ku Malawi chovomera kuti galu alowe, chimene sichilembedwa ku Lusaka, ndipo chikabwera m'pamene iwo angapereke chawo chotulutsira galu. Pomaliza dokotala amupime n'kulemba chikalata choti ali bwino, koma chimenecho chimatha mphamvu m'masiku owerengeka, choncho chitengedwe ulendo utayandikira. Ndinamufunsa ngati galuyu akupita kukakhala kazembe. Anatseka windo.

Chilolezo cha ku Malawi anakatenga ku Lilongwe ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali aja, n'kuchitumiza ndi dalaivala wa lole. Ine mwezi wonsewo sindinkakhazikika. Ndinkadzuka m'mamawa, kupita kumene malole amaima ku Kamwala, kufunsa za chilolezocho, kubwerera wapansi, kukangana ndi aliyense wondigunda phewa.

Bokosi lonyamuliramo galu anapanga ndi kalipentala wina wa m'komboni mwathu momwemo, Myao wa ku Mangochi, mnzawo wa bambo wa zaka zambiri. Iye ndi Msilamu, galu samukhudza, ndipo pamalo ake a ntchito sanafune kuti afikepo. Anandipatsa chingwe kuti ndikamuyeze ndekha, kuchokera pamphuno mpaka pamene mchira wayambira, ndiponso kuchokera pansi mpaka pamutu ataimirira. Anati galu aziimirira, kutembenuka ndi kugona momasuka, ndipo m'mbali anasiya mipata ya mpweya pakati pa timatabwa. Ntchito inali yabwino, sindinama.

Dokotala potipatsa chikalata chomaliza anatiuza zinthu ziwiri. Galu azigona m'bokosimo masiku otsalawo, chitseko chili chotsegula, kuti alizolowere. Ndipo tsiku la ulendo asadye kanthu m'mawa, angomwa madzi pang'ono, chifukwa galu wosazolowera galimoto akakhuta amasanza. Bambo anamva zonsezi akugwedeza mutu ngati ali mu tchalitchi. Titafika kunyumba anati galu wawo si wakuba kuti azigona m'selo, ndipo bokosi analisandutsa poikapo ndowa.

M'mawa wa ulendo anansi anadzaza pakhomo. Amayi a ku tchalitchi anabwera ndi mpunga, nkhuku, mazira owiritsa, zitumbuwa. Kwathu munthu wa ulendo wautali samulola kutuluka pakhomo asanadye, ndipo ukakana umanyoza ophika. Ndili kalikiliki kumanga masutikesi, ndinaona bambo kuseri kwa nyumba atagwada, galu akumaliza mbale yodzaza mpunga ndi zam'kati za nkhuku.

"Bambo, dokotala anati chiyani?"

"Dokotalayo sakupita nawo. Nayenso uyu ndi wa paulendo."

Kusiteshoni kunali phokoso la mabasi a anthu wamba amene anachuluka basi za boma zitafa. Kondakitala anafuna kukweza bokosi pakaliyala pamwamba, pakati pa matumba, n'kufunditsa tenti. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo msewu umatsikira kuchigwa cha Luangwa kumene dzuwa limaphika munthu. Ndinamuuza kuti pansi pa tentiyo galu sangafike wamoyo. Tinakokana mpaka analola kuti bokosi likhale mkati, kumapeto kwa kanjira, titalipirira ngati munthu. Kulowetsa galu m'bokosi kunali nkhondo ina. Anatambalala miyendo pakhomo pake, anandikanda mkono, anthu akuonerera n'kumaseka.

Kumbuyo kwa basi n'kumene kumadumpha kwambiri, ndipo msewu wa ku Chipata masiku amenewo unali maenje okhaokha. Tisanapitirire Chelston galu anayamba kunyambita milomo ndi kuyasamula. Kenako dovu linayamba kuyenderera ngati mpopi wotha. Analira motsitsa, akuzungulira m'bokosimo. Bambo analowetsa zala pamipata n'kumamulankhula. Mawindo ambiri anali osatseguka, fungo la dizilo lili tho. Tikuyandikira Chongwe anasanza zonse, mpunga wa amayi a ku tchalitchi uja, ndipo basi itatsika kamtunda masanzi anatuluka pansi pa chitseko cha bokosi n'kuyenderera mpaka pa belo la salaula, zovala zakaunjika, la mayi wina wamalonda.

Mayiyo anakuwa, ndipo sindimuimba mlandu. Anthu anatseka mphuno, wina akuti anthu a ku Malawi amakonda agalu kuposa ana awo. Zonsezo ndinapirira. Koma kondakitala anabwera akudumpha katundu, naima pamaso pa bambo akuloza galu.

"Ba mudala, imwe na imbwa yanu nimwe vimozi. Vonse viwiri vinunkha."

Atatero anamenya bokosi ndi nsapato. Ndinamugwira pakolala n'kumukanikiza pampando mpaka mabatani anathothoka. Ena amati ndikanaugwira mtima. Ine mpaka lero ndimati anachita mwayi kuti kanjira kanali kopapatiza. Dalaivala anaimitsa basi pa Chongwe, anatiponyera masutikesi pansi, anatsitsa bokosi, basi n'kupita.

Tinabwerera ku Lusaka madzulo pa lole ya makala. Makiyi a nyumba tinali titapereka kale. Anansi amene anatitsanzika ndi nyimbo m'mawa anatiwona tikudutsa ndi katundu yemweyo, takuda ndi makala. Anatilandira ndi kalipentala uja. Anatipatsa chipinda chosungiramo matabwa, koma anati galu akhale panja pa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, ndipo asayendeyende pabwalo pamene iye amatawazira, kusamba kwa Asilamu, asanaswali. Ndinatsuka bokosi ndi sopo, ndinayalamo jekete lakale la ulonda la bambo, ndinamangirira galu pafupi ndi chingwe chachitali n'kusiya chitseko chotsegula. M'mawa tinamupeza atagona mkati.

Tsiku limenelo bambo anandiitana. Anati aganiza bwino, galu atsale. Anamuona mmene anavutikira pa kamtunda kakang'ono kaja, ndiye ulendo wa tsiku lathunthu ungamuphe. Ndimupezere munthu wabwino. Ankalankhula akuyang'ana pansi.

Mwezi wapitawo ndikanavina. Koma ndinawadziwa bambo anga. Akanakafika ku Mchinji kumene anzawo onse anamwalira, n'kukhala pakhonde osalankhula ndi munthu. Komanso munthu wabwino wofuna galu wokalamba ndikanamupeza kuti? Ku Chawama sakanamulola. Ndinawauza mokweza, mpaka mkazi wa kalipentala anasuzumira pawindo, kuti galuyo akupita, ndipo nthawi ino amvere ine.

Chikalata cha dokotala chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo kuyambiranso pawindo lija sindikanatha. Kalipentala anati pali dalaivala wa vaneti amene amatengera mafelemu a zitseko ndi mawindo ku Chipata kuchokera kwa owotcherera zitsulo a m'Kalingalinga, ndipo anyamuka kumapeto kwa sabata. Ndinakamupempha. Anavomera, nalolanso kuti pamene akuzungulira kutolera katundu ndizikweza bokosi kumbuyo. Tinayamba ndi kaulendo kakafupi kufika ku Mtendere, galu ali ndi njala. Dovu linatuluka koma sanasanze. Mawa lake tinafika ku Matero n'kubwerera. Ana a m'misewu ankatithamangira akufuula kuti bwana wadutsa. Ine ndinali nditakhala pa mafelemu, dzanja lili pabokosi, ndikutukwana bampu iliyonse.

Tinanyamuka kusanatenthe. Bokosi tinalimanga ndi zingwe kuseri kwenikweni kwa kabini, kumene sikudumpha kwambiri, chitseko chitaloza kutsogolo, pamwamba titaika katoni ya mthunzi osatseka mipata. Mkazi wa kalipentala anabweretsa tiyi ndi mandasi. Ndinaima pakati pa bambo ndi galu mpaka bambo anamaliza kudya.

Bambo anakana kukhala kutsogolo, anakhala kumbuyo ndi ine. Tinkaima kawirikawiri, ndikumutulutsa ndi chingwe kuti atambasule miyendo, akodze, anyambite madzi m'chivindikiro cha poto. Dalaivala ankang'ung'udza kuti tikumuchedwetsa, ine ndikudziluma lilime chifukwa galimoto ina panalibe. Pa mlatho wa Luangwa apolisi anafuna mapepala, anawerenga khadi la katemera ndi chilolezo, natiuza tipite. Kumapiri okhotakhota a kutsidya galu anadzikoka kawiri ngati asanza, kunangotuluka thovu loyera. Kenako anagona, mphuno ataitsamiritsa pa mpata wa mphepo.

Tinagona ku Chipata, ndipo m'mawa dalaivala anatifikitsa pamalire, pa Mwami. Mbali ya Zambia anadinda msanga. Mbali ya Malawi anati wa zoweta sanafike, tidikire. Ndinayenda uku ndi uku pakhonde paja mpaka msilikali anandiuza kuti ndikhale pansi. Munthuyo atabwera pa njinga anayala mapepala onse anayi, anayerekeza mtundu wa galu ndi zimene zinalembedwa, anawerenga tsiku la katemera ndi la chikalata cha dokotala, anasuzumira m'bokosi, n'kudinda. Sanafunse china.

Msuweni wanga ankatidikira pamalirepo, atapangana ndi wa matola kuti atifikitse kumudzi. Bambo anatsegula bokosi, galu anatuluka, anadzikung'untha, nayamba kununkhiza udzu wa m'mbali mwa msewu. Atamva injini ya matola ikulira anabwerera m'mbuyo mpaka chingwe chinakungika. Bambo anafunsa msuweni ngati njira yachidule yodutsa kudambo ikadalipo. Anati ilipo, koma ndi mtunda. Bambo anati masutikesi akwere, iwo ndi galu ayenda.

Ndinawakumbutsa zaka zawo ndi dzuwa, mawu anga akumveka mpaka kwa osintha ndalama. Iwo anali atayamba kale kutsika kanjira, galu ali patsogolo. Wa matola anati bokosi lopanda kanthu likudya malo a anthu awiri, salitenga. Ndinalisenza pamutu n'kuwatsatira.