Mbuzi Zanga Zomwe Kompyuta Inazikana

Ndikuphunzitsa ku Kanduku, ndinkachitanso maphunziro a digiri ndili kunyumba. Asayimenti ina ndinalemba ndekha m'Chingerezi changa chosavuta, za matenda a mbuzi, mbuzi zanga zomwe. Koma pulogalamu ya ku koleji yofufuza zolembedwa ndi makina inati analemba ndi makina. Ine! Ndinapsa mtima.

Ndinatsikira ku boma kwa alamu anga, omwe ali ndi shopu yotayipa.

"Alamu, musadandaule," anatero. "Pali pulogalamu ina, ntchito yake ndi kupusitsa imeneyo. Imasintha mawu, kutembenuza ziganizo, n'kumayesa pa yofufuzayo mpaka ivomere."

Zomwe zinatuluka sindinazizindikire. Mbuzi zanga zinkamveka ngati nduna pamsonkhano. Koma yofufuza ija inati uyu ndiye munthu weniweni, ndipo ndinatumiza.

Teremu yotsatira ndinalembanso ndekha, n'kupita kwa alamu kuti akandisandutse munthu. Ulendo uno aphunzitsi athu a ku koleji anandiimbira foni. Anati opanga yofufuza ija anatolera zolemba zambirimbiri zodutsa m'pulogalamu yopusitsayo n'kuiphunzitsa nazo, ndiye tsopano imazinunkhiza.

"Bambo, bwanji osangolemba nokha?" anafunsa.

Ndinawatumizira ya manja anga, yosasinthidwa. Anaiyesa ndili pafoni pomwepo.

"Ikuti iyinso ndi ya makina."

Lero alamu akuti kwatuluka yopusitsa yatsopano. Ndawauza kuti mapulogalamu awiriwo azilemberana okha, digiriyo akagawane. Ine ndikupita kukamwetsa mbuzi mankhwala. Izo sizinandikayikirepo kuti ndine munthu.