Kalata yochokera ku adiresi yathu yomwe

Ine ndi amuna anga tinali ndi imelo imodzi, monga tinalili ndi ambulera imodzi. Anaitsegula ndi iwo chaka chimene kuntchito anawapatsa laputopu, ndipo pa adiresiyo analumikiza dzina lawo ndi langa. Ine, mphunzitsi wa ku Chinamwali, ndinalibe wondilembera. Pasiwedi ndinkaidziwa, koma ndinkangoisunga.

Iwo ankagwira ntchito pamwamba pa phiri la Zomba, kuyang'anira nazale ya mitengo. Anali ndi chizolowezi chodzilembera okha makalata. Mavairasi atawadyera ntchito kawiri pa fulashi, kachipangizo kosungirapo za pakompyuta, anati basi, chilichonse chofuna kukumbukira azichitumiza ku adiresi yathu yomweyo. Wotumiza iwo, wolandira iwo. Ndinkawaseka kuti, "Abambo, anthu oyankhula okha chipatala chawo chili mom'muno m'tauni, musaiwale." Ankangomwetulira, n'kupitiriza kutayipa ndi zala ziwiri.

Atamwalira, makalatawo ndi amene anandisunga. Loweruka lililonse m'mawa ndinkakhala pakhonde, laputopu pamiyendo, phiri lili patsogolo panga, n'kuwerenga awiri kapena atatu, osapitirira, kuti asathe msanga. Sanali makalata achikondi ayi. "Nkhungu yatsika pa damu la Mulunguzi, tsidya silikuoneka." "Anyani agwetsanso mpanda." "Mbande za paini zikufuna mthunzi." Ina inangoti, "Mabulosi a amayi, ndisaiwale." Ndikawerenga ndinkakweza maso, n'kuwaona akuyenda m'kanjira ka pansi pa mitengo, jombo zitanyowa, nkhungu ikuwameza miyendo. Mwina ola lathunthu linkatha ndili kumeneko, tiyi atazizira.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, ndinayamba kufufuza m'mabokosi ena a imeloyo, poganiza kuti mwina mwatsalira kanthu kawo. M'bokosi la sipamu, momwe mumagwera makalata achabechabe, ndinapeza kalata ya dzulo lake. Wotumiza anali ife. Dzina lawo ndi langa, zilembo zonse m'malo mwake.

Ndinene zoona, mtima unadumpha ndi chimwemwe. Ndine munthu wopemphera, ndipo ndinawaona ndi maso anga akutsitsidwa m'manda, koma kwa kamphindi ndinaganiza kuti andilembera, mwina kundiuza za nkhungu ya kumeneko.

Inali m'Chingerezi. Wolembayo ankati walowa mu imelo yathu, ndipo umboni wake ndi woti kalatayo waitumiza kuchokera m'kati mwenimweni. Ankati wakhala akusuzumira pa kamera ya laputopu kwa nthawi yaitali, waona zithunzi zolaula zimene mwini wake ankaonera, ndipo akapanda kulandira ndalama m'masiku awiri atumiza zonse kwa abale ndi anzathu.

Ndinadzifunsa kuti mwini laputopu ndani. Ine sindinaonerepo zoterozo. Kunatsala munthu mmodzi, amene nyengo ya moto wolusa ankakhala kuphiri sabata yathunthu, yekha ndi laputopuyo. Zaka makumi atatu za banja zinandisungunukira m'manja. Ndalama sindinatumize, poti sindinkadziwa n'komwe katumizidwe kake. Masiku awiriwo ndinayenda ngati wolota, ndikudikira kuti a kutchalitchi ayambe kundiyang'ana chammbali. Palibe chinachitika, koma mkwiyo unali utaphika kale. Tsiku lachitatu ndinasankha makalata awo onse n'kuwafufuta. Kenako, poti ndikasesa ndimasesa ndi kuseri kwa chitseko komwe, ndinalowa m'bokosi la zinyalala n'kukhuthulanso. Ndinatseka laputopu, n'kuiika pamwamba pa kabati.

Miyezi iwiri inadutsa ndisanauze munthu. Amene anandidziwa kuti sindili bwino ndi mnzanga wa kwaya ya amayi, yemwe amasamala makompyuta kuyunivesite. Tikuchokera kophunzira nyimbo anandiima kutsogolo.

"Anzanga, masiku ano mukuimba ngati mwabwereka pakamwa. Chavuta n'chiyani?"

Ndinamuuza mwachidule, maso ali pansi. Iye anati, "Mawa mubwere ndi laputopuyo ku ofesi. Ndipo manyazi muwasiye kunyumba."

Kalata ija inali itafufutika yokha, poti sipamu sikhalitsa, koma munali inzake yatsopano, mawu omwewo. Anayamba watsegula bokosi la makalata otumizidwa. Munalibe kanthu.

"Mukuona? Ikanachokera muno, kawirikawiri ikanasiya phazi apa. Koma wakuba akhoza kufufuta phazi, ndiye tionenso kwina."

Anatsegula pamene pamaonetsa makina onse amene analowapo mu imeloyo. Panali laputopu yathu yokha, mu Zomba momwemuno. Kenako anatsegula mutu wonse wa kalatayo, mizere yambirimbiri imene ife sitiiona, n'kuloza ndi cholembera.

"Imelo ili ngati envulopu, anzanga. Kuseri mukhoza kulemba kuti yachokera kwa abusa, apositi sakufunsani chitupa. Koma chidindo cha positi ndi chimene chimaulula kumene yaponyedwa. Chidindo chake ndi ichi. Yaponyedwa pa seva, kompyuta yotumizira makalata, ya kutali, yosakhudzana ndi kampani ya imelo yanu. Apa makina anafunsa ngati sevayo ili ndi chilolezo chotumiza m'dzina la adiresi ngati yanuyi, yankho n'kukhala ayi. N'chifukwa chake anaiponya ku sipamu. Pachingerezi amati sipufing'i, kuvala dzina la mwini pamene kiyi wa nyumba ulibe."

"Nanga anatidziwa bwanji ife?"

"Sakudziwani. Ma adiresi amatoleredwa pa intaneti, ena amabedwa kumene anthu analembetsa zinthu. Mawu omwewa amatumiza kwa anthu osawerengeka, aliyense n'kumuikira adiresi yake yomwe kuti achite mantha. Ineyo zoterezi ndalandirapo kangapo. Anthu amenewa amuna anu sanawaonepo, ngakhale tsiku limodzi. Pasiwedi tisinthabe, n'kuika zoti polowa izifuna nambala yobwera pa foni yanu. Osayankha, osadina chilichonse."

Ndinayang'ana pawindo. Mitambo inali itakhala pamutu pa phiri, ndipo m'munsi mwake mitengo inkaoneka bwinobwino, umodziumodzi. Ndinamva kupepuka, kenako manyazi aakulu. Munthu amene ndinkamudziwa ngakhale kutsokomola kwake ndinamuweruza pa mawu a mlendo, iye alibe pakamwa podziyankhira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ndauphunzitsa ana zaka zambiri.

Mnzangayo anabwerera m'bokosi lalikulu, n'kupeza mulibe kanthu.

"Makalata aja munkatiuza aja, a abambo, ali kuti?"

"Ndinafufuta."

"Musadandaule, ku zinyalala amakhalako masiku makumi atatu. Munafufuta liti?"

Ndinamuuza tsiku lake, ndinamuuzanso zoti ndinakhuthula. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anayesabe kupempha eni kampani ya imelo kuti abweze zofufutidwazo, ndipo tinadikira sabata yathunthu. Sipanabwere ngakhale imodzi.

Tsopano ndili ndi kope la mizere, longa la ana anga a sukulu, momwe ndimalembamo zimene ndikukumbukira. Ndafika pa makalata khumi ndi anayi, ndipo ena ndikukayika ngati mawu ake ndi awo kapena anga. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi aja ndinkawasunga kuti asathe msanga. Oposa theka ndinali ndisanawatsegule.