Phala la apongozi pa sikelo

Mwana wathu wachitatu ali ndi miyezi iwiri, mkazi wanga anayamba kuwonda ndi kuchita chizungulire potunga madzi. Ku kiliniki ya kwathu ku Pembamoyo, anamwino anandiuza kuti mayi woyamwitsa amafunika chakudya chowonjezera pa cha masiku onse: mphamvu yokwana makalori pafupifupi 500, ndi mapuloteni, omanga thupi, magalamu pafupifupi 20. Ataona kuti ndikulemba, anandipatsa pepala losonyeza zimene zili m'magalamu 100 a chakudya chilichonse.

Tinkakhala kuchikamwini, ndipo chowonjezeracho ankaphika ndi apongozi: phala la mgaiwa, mmawa uliwonse. Ndinabwereka sikelo kwa wogula mbewu, ndi kuyeza phalalo apongozi atapita kudimba. Kuchotsa mbale, linalemera magalamu 400. Pepala linati magalamu 100 a ufa ali ndi makalori 350 ndi mapuloteni 9. Ndinachulukitsa kanayi: 1,400 ndi 36. Masamu ndinakhoza ku sekondale.

Mkamwini sacheza ndi apongozi maso ndi maso, choncho ndinatuma mkazi wanga akawauze kuti phala lawo likukwanira, mpaka kupitirira. Mkazi wangayo anandiyang'ana, nanena kuti ngati ndi choncho mimba yake siidziwa masamu. Uthenga anakapereka ndithu.

Tsiku la kiliniki ndinaonetsa anamwino ntchito yanga. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Bambo, mwayeza madzi a pa mjigo. Pepalali likunena ufa wouma. M'phalamo munalowa ufa wochuluka bwanji?"

Mawa lake ndinayeza ufawo usanalowe mumphika: magalamu 40. Makalori 140, mapuloteni osafika anayi. Ndinawerenganso mofatsa. Kuwonjezera nsinjiro magalamu 50, ndiye kuti manja awiri, kumabweretsa makalori 285 ndi mapuloteni 13. Dzira limodzi, 75 ndi 6. Pamenepo zimakwana, bola mkazi wanga asaidumphe nsima ya masana ndi yamadzulo.

Chovuta chinali kubweza mawu. Mkazi wanga anakana kutumidwa kachiwiri. Anati amene anatamanda phala akalitsutse yekha.

Ndinakanjuta kuseri kwa khitchini, nkhope nditalozetsa ku nkhokwe, ndi kufotokoza zonse, ndi manambala omwe. Apongozi anamvetsera osandidula. Kenaka anayankha ngati akulankhula ndi nkhuku zimene zinali pabwalo.

"Auzeni akamwini kuti ine ndalera ana asanu ndi awiri popanda sikelo. Phala lopanda nsinjiro ndimalidziwa. Koma nsawa anazitsekera m'chipinda, ati n'zambewu. Mazira ati aswe anapiye. Ndithiremo chiyani, pepala lawolo?"

Zonse zinali zoona. Ndinapisa m'thumba, ndi kuika kiyi wa chipindacho pa mtondo.

Chaka chimenecho ndinadzala nsawa mizere yochepa, ndipo anapiye sanachuluke. Chizungulire cha mkazi wanga chinatha mwezi usanathe. Sikelo ndinakabweza mwakachetechete, ndi njira yodzera kuseri kwa mudzi.