Diresi Yobiriwira ya Alamu Awo a Maness

Aliyense amene anagulako kaunjika pa msika wa Lirangwe amawadziwa a Maness Maluwa, ndipo ambiri anakanganapo nawo. Ine ndimagulitsa mchere ndi sopo moyandikana ndi mulu wawo wa zovala, choncho makangano amenewa ndawamvera mpaka makutu kuwawa. Kwawo ndi ku Chileka, kumene agogo awo anamanga atachoka ku Mozambiki. Analowa geni ya kaunjika matipate atangoyamba, amuna awo ntchito itawathera ku Limbe, ndipo kuyambira pamenepo tsiku la msika amatsika minibasi ndi belo lawo, kabaza n'kuwafikitsira pamalo.

Ogulitsa anzawo amangofuna chovala chichoke pamulu. A Maness ayi. Iwo amayamba achikoka ndi manja awiri, n'kuchisiya kuti aone ngati chibwerere, kenako amatembenuza kalebulo ka m'khosi. Sukulu analekera panjira, koma kotoni, poliyesita ndi lasitiki amaziwerenga ngati maina a ana awo.

Atsikana a kuno amayesa jinzi pozunguliza chiuno chake m'khosi, ati ikakwana khosi ndiye kuti ikwananso m'chiuno. A Maness akaona zimenezi amatsonya. "Imeneyo njasitirechi, imatamuka, mwanawe. Tenga yokugwira bwino, chifukwa ukaivala mpaka masana imasuka yokha. Ukatenga yaikulu uziyenda ukukweza ngati wabwereka." Wofuna jinzi youma amamuuza atenge yopumira. Wobwera ndi malaya akotoni atsopano a m'sitolo amamuchenjeza kuti achepa akachapidwa koyamba, pomwe a kaunjika anachepa kale kwa eni ake. Ndipo chovala chimene lasitiki wake anafa, chotamuka osabwerera, amachiponya pambali ngakhale wogula atachikonda. Amati simbi yamakala yotentha kwambiri ndi imene imapha lasitiki, koma anthu samva.

Ndinali ndisanawamvepo akuvomera kuti alakwitsa saizi. Liuma limeneli limanditopetsa, koma ndimawakonda.

Chaka china mu Febuluwale kunabwera a Ida, mkazi wa malemu Ezra, mchimwene wawo wa a Maness. Ndinachita kuwazindikira ndi mawu. Anali atadwala nthawi yaitali, mankhwala atangoyamba kumene kulandira, ndiye onjezani njala ya mwezi umenewo. Chitenje chinkawazungulira kawiri. Mwana wawo Vanessa amakwatiwa mu Ogasiti, ndipo iwo ankafuna diresi yoti adzakhale nayo kutsogolo monga mayi wa mkwatibwi.

Anafukula mulu mpaka anapeza diresi yobiriwira yasatini, yonyezimira. Anaiyesa kuseri kwa chitenje chimene ndinawagwirira, ndipo inawakwana ngati telala anachita kuwayeza.

"Ndatenga iyi, alamu," anatero a Ida.

A Maness anaigwira m'mbali n'kuikoka. Siinasunthe. "Iyi ndi poliyesita yekhayekha, alamu, mulibe lasitiki olo pang'ono. Mmene yakukwanirani leromu, mukangowonjezera thupi zipi satsekeka. Onani msokowu, sanasiye nsalu yoti telala n'kumasula."

Anawatulutsira ina yabuluu yotamuka, nati imeneyo atha kutenga ya thupi la lero chifukwa idzakula nawo limodzi. A Ida ataivala inawamata, nthiti zonse poyera. Anaivula msangamsanga, ndipo ine ndinayang'ana kumbali chifukwa chisoni chinandigwira.

"Ndipatseni yobiriwira ija," anatero motsitsa mawu. "Ogasiti ali patali, alamu. Ndikapanda kufikako mudzandiveke yomweyo. Sindifuna kukagona m'chovala chokhwepa ngati thumba la feteleza."

Pamenepo ndinamvetsa. Mayiyu sankagula diresi ya ukwati wokha. A Maness anaipinda diresi ija n'kuikhalira.

"Ine sindigulitsa nsalu za maliro, mukazifune kwina. Mukufuna satini wobiriwira? Chabwino. Koma nsalu yosatamuka timagula yaikulu, poti yaikulu telala amabweza, yaing'ono alibe nayo chochita. Mankhwala mwayamba, chimanga chili m'munda. Mudzabwere sabata yamawa."

A Ida anachoka atakwiya, osatsanzika n'komwe. Amayi ena ogula anayamba kung'ung'udza kuti munthu wodwala samukaniza chimene mtima wake wafuna. Inenso ndinawauza a Maness kuti aonjeza. Anangondiyankha kuti ndisamale mchere wanga, mvula ikubwera.

Sabata imeneyo anazungulira anzawo a kaunjika ku Lunzu ndi ku Limbe mpaka anapeza diresi ina ya satini wobiriwira, yokulirapo masaizi awiri, yokhala ndi lamba wa nsalu yomweyo. A Ida sanabwere kumsika, ndiye a Maness anakaisiya okha kunyumba. Akuti ataiyesa mapewa ankagwa, ndipo a Ida anati alamu awo akuwaseka. A Maness anawauza kuti asaipititse kwa telala mpaka ukwati utayandikira, n'kuipachika pamsomali pamene wodwalayo aziiona akadzuka.

Miyezi inapita, anthu anakolola. Ine a Ida sindinawaonenso, ndipo kufunsa ndinkaopa. A Maness nawo sankayambitsa nkhaniyo, ngakhale ndinkaona kuti tsiku lililonse la msika amagula mtedza ndi usipa zomwe sizinkapita kwawo.

Kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike, tinangoona mayi wina akutsika pakabaza ndi jumbo m'manja, nkhope ili gwa. Anali a Ida, masaya atabwerera, mikono yodzaza. Anaponya jumbo lija pamulu wa zovala.

"Alamu, munandinamiza. Munati telala adzabweza. Ndapita kwa a Potiphar, akuti palibe chobweza. Diresi yanuyi ikundithina m'khwapa, zipi akukanira pakati pa msana. Ndivala chani Loweruka?"

A Maness anaitulutsa, kuyang'ana diresi, kuyang'ana alamu awo. Ndinadikira kuti anamizire telala kapena lebulo, monga mwa masiku onse. Koma anakhala pansi pa belo n'kuphimba nkhope ndi satini uja, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikhulupirira kuti zinali zonse ziwiri.

"Ndinalakwitsa," anatero atapukuta m'maso. "Ndikanatenga yokulirapo masaizi atatu."

Anandisiyira mulu wonse kuti ndiwayang'anire, iwo n'kuwagwira dzanja alamu awo mpaka pakhonde la a Potiphar. Kumeneko analamula ngati mashini ndi awo: asule lamba uja, adule tizidutswa tiwiri, asokerere m'mbali kuyambira m'khwapa kutsika. A Potiphar anadandaula kuti satini amaterereka pansi pa singano, koma anasoka, ndipo poti nsalu inali imodzimodzi panalibe woona kuti diresi yawonjezeredwa.

Loweruka ndinapita ku ukwatiwo ku Chileka. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, oyendetsa mwambo anaitana mayi wa mkwatibwi. A Ida ananyamuka mu satini wawo wobiriwira, navina kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, akuwerama ndi kudzuka, ndipo msoko sunaphulike. Vanessa anasiya mpando wake wa ukwati n'kudzawakumbatira amayi ake pakati pa bwalo, velo yonse kumbali. A Maness anali pafupi nane, maso ali pa zipi basi. Nyimbo itatha anandikodola n'kunong'ona kuti diresi yaing'ono ija anaigulitsa kalekale kwa mtsikana wina wa kwaya, ndipo m'banja mwawo siidzafunikanso.