Kumbuyo kwa Tchalitchi

Zambia itangolandira ufulu, mpingo wathu ku Chimwemwe unajambulitsa pulani ya tchalitchi. Kenaka thandizo limene a mgodi analonjeza linabwera lopereŵera. Akulu ampingo anandituma, poti ndinkadziŵa Chingerezi, ndikauze mzungu wojambula mapulani ku Kitwe kuti adule kumbuyo, tidzawonjezera tikapeza ndalama.

Mzunguyo anafunsa ngati sitingalole njerwa zosapaka pulasitala, kapena kusiya siling'i. Ndinati ayi, akulu anena kumbuyo. Analemba, nagwedeza mutu.

Pulani yatsopano itafika, tinaiyala pabenchi. Tinaitembenuza uku ndi uku osaimvetsa. Khomo linalipo, khonde lake lonse lilipo, koma malo a gome ndi chipinda cha akulu ampingo zitapita.

Ndinabwerera kwa mzungu uja. Iye anandiloza msewu papepalapo. Kwa iye kutsogolo n'kumene kwayang'ana msewu, kuli khomo. Kwa ife kutsogolo n'kumene amaima abusa. Kukhomo n'kumbuyo, kokhala ochedwa.

Nditabwerako n'kufotokozera akulu ampingo, mkulu wina anavula magalasi.

“Ndiye mwati tonsefe, zaka zonsezi, timapemphera titafulatira kutsogolo?”