Ndime ya Akazi Amasiye M'malamulo a Sikimu

Eluby anabadwira kwa Malemia, nalekezera sukulu Fomu 2 bambo ake atadwala. Kutaipa anakuphunzirira ku Zomba pa taipi yachitsulo yolimba mabatani, moti mpaka ukulu wake ankamenya kompyuta ngati yamulakwira. M'chaka cha 1998 ankagwira ntchito m'kachipinda kamene bungwe la alimi a mpunga a m'dambo lina la ku Domasi linabwereka pafupi ndi Malosa. Munali tebulo, benchi, ndi kompyuta imodzi yopatsidwa ndi azungu, imene ankaifunditsa chitenje poopa fumbi.

Chaka chimenecho alimi ankalemba malamulo oyendetsera sikimu yawo yothirira mpunga. Msonkhano waukulu unagwirizana mfundo zonse, kuphatikizapo yakuti mwamuna akamwalira, puloti yake itsale m'manja mwa mkazi wake. Eluby anaitaipa mfundoyo mumtima muli Dina, mkulu wake. Mwamuna wa Dina anali atangoikidwa m'manda, ndipo abale a malemuyo anali atayamba kale kuyendera pulotiyo, manja kumbuyo, kuyeza ndi maso. Malamulo akasainidwa opanda ndimeyo, Dina ndi ana ake akanatuluka m'dambo.

Mzungu amene anabweretsa kompyutayo anasiya atatchera kuti chilichonse chosinthidwa chizioneka: mawu owonjezedwa ankatuluka ofiira ndi mzere kunsi, ochotsedwa ankatsala pomwepo koma atakhwatchidwa pakati, kudikira wina awavomereze kapena awakane. Apa ndi pomwe Eluby anadzimangira mtolo. Okonza malamulo anali akuluakulu atatu: a Yoswa apampando, a Jonasi mphunzitsi wopuma, ndi che Hassani amene kale anali kalaliki pamsika wa mbewu. Iye akanakana bwanji mawu a munthu wa msinkhu wa bambo ake? Choncho sankavomereza kanthu, sankakananso kanthu. Aliyense akabwera ankamupatsa mpando, nkumusungira zake pa disiki yakeyake. Mafayilo anaswana: Malamulo, Malamulo Atsopano, Omaliza, Omaliza Enieni. Masamba anafiira ngati munda wa tsabola.

Lachinayi lina mmawa a Yoswa anafika atapanira thalauza ndi zopanira njinga.

"Mayi, mawa malamulo akupita ku boma. Pajatu pali batani lija lovomereza zonse kamodzi? Dinani limenelo, mupulinte, tisaine."

"Chabwino, a Tcheya. Koma tidine pa fayilo iti?"

"Yomalizayo."

"Zomaliza zilipo ziwiri."

A Yoswa anaseka, nati aona okha akabwerako ku Songani. Atatuluka, Eluby anatsegula mafayilo onse. Masiku sanamuthandize, poti wotchi ya kompyutayo inali itafa ndipo fayilo iliyonse inkati inalembedwa mu 1980. Anawerenga tsamba ndi tsamba mpaka anazindikira kuti Omaliza Enieni ndiyo inadutsa m'manja mwa a Jonasi kenako che Hassani, pamene zosintha za a Yoswa zinali pa disiki ina, yokopedwa awiriwo asanasinthe kanthu. Atafika pa gawo lachisanu ndi chiwiri, anawerenga kawiri. Ndime ya akazi amasiye inali yokhwatchidwa yonse. Akanadina batani lija, ikanafufutika osasiya ndi dontho lomwe.

Anayang'ana dzina la wokhwatcha. Linali lakuti Ofesi. Kompyutayo inkadziwa munthu mmodzi yekha, chifukwa palibe amene anasinthapo dzina pokhala pampando, ndiye zonse zinali zofiira mofanana.

Eluby anatseka chitseko, nabwereka njinga ya mlonda. Anapeza a Jonasi akupalira chinangwa, che Hassani ali pa shopu ya mwana wawo. Onse anawauza mawu amodzi, atanyonyomala: "Pepani, malamulo sangatuluke musanabwere." Pofika masana akuluakulu atatuwo anali atapanikizana pa benchi.

"Ndime iyi anaichotsa ndani?" anafunsa a Yoswa, atavala magalasi.

"Ine sindinachotse," anatero a Jonasi. "Ndinangoisamutsa. Nkhani ya maliro ikhala bwanji pakati pa nkhani ya ngalande? Ndinaidula apa, nkukaiika ku gawo lachisanu ndi chinayi."

"Kumeneko kulibe, aphunzitsi," anayankha Eluby.

Che Hassani anakanda pansi pa chisoti. "Iii, ndiye ndi ija? Ine ndinali ndi pepala lakale m'manja, ndimeyo ili bwinobwino pa seveni. Ndikuona pa naini yabweranso. Ndinati aphunzitsiwa ukalamba, akubwereza ngati kwaya."

"Ukalamba ndi wanu, achimwene, wowerenga pepala la mwezi watha!" anabweza a Jonasi.

Eluby anafotokoza pang'onopang'ono zimene iyenso anali atangozimvetsa. Kusamutsa ndime makinawo ankakuona ngati zinthu ziwiri, kuchotsa kuno ndi kuwonjezera uko. Ndipo poti onse anali Ofesi, che Hassani atafufuta ya pa naini, makinawo anayesa kuti mwini wake wasintha maganizo, ndiye anaichotseratu osasiya mkhwatcho.

"Basi, bwezeretsani imeneyo, zinazo dinani zonse," anatero a Yoswa akuyang'ana dzuwa pawindo.

Eluby anaika manja pamiyendo. "A Tcheya, mundikhululukire. Ngati iyi inatsala pang'ono kutayika, sindikudziwa kuti zina zabisala zotani. Ndiwerenga chimodzichimodzi, inu muzinena. Kukana mawu anu ine sindingathe, koma inu nokhanokha mungathe."

Anakopa Omaliza Enieni nkuisunga padera osaikhudza, kuti pakalakwika pakhale pobwerera. Kenako anayamba. Ankawerenga mokweza mawu ofiira, akuluakulu nkuyankha ngati m'bwalo la mpingo: "Tavomera." "Ayi, chotsani." Zosintha za a Yoswa ankaziwerenga kuchokera pa pepala limene anapulinta ku disiki yawo, zikavomerezedwa nkuzilowetsa ndi manja. Anapeza kuti a Jonasi anatembenuza "adzalipira" kukhala "angathe kulipira" pa chindapusa cha woba madzi usiku, ndipo che Hassani anawaseka mpaka kutsokomola.

Atafika pa ndime ija, che Hassani anakweza chala.

"Poti tili pompano, tiwonjezere kuti mkaziyo akakwatiwanso, puloti ibwerere kwa abale a mwamuna. Apo ayi munda wa munthu udzadyedwa ndi mlendo."

A Jonasi anagwedeza mutu ngati akuvomera. Eluby anachotsa manja pa mabatani. Akanatchula Dina, akanati akukondera m'bale wake.

"Che Hassani," anatero, "ndingalembe. Koma mawu akhwatchidwawa ndi amene anthu anakwezera manja pa msonkhano. Owonjezerawo sanawamve. Ndiwalembe m'dzina la yani, poti tsopano ndiika dzina la munthu, osati Ofesi?"

Che Hassani anayang'ana a Yoswa, a Yoswa anayang'ana a Jonasi.

"Ine langa ayi," anatero a Jonasi. "Akazi a m'dambomo angandithire matope."

"Mukaitule nokha pa msonkhano wa chaka chamawa, achimwene," anagamula a Yoswa. "Mayi, kanani kukhwatchako. Ikhale pa seveni pomwepo, aphunzitsi apirire."

Eluby anadina. Mzere unachoka, mawu anada bii ngati anzawo. Atamaliza gawo lomaliza anasunga fayiloyo ndi dzina lokhala ndi tsiku, lotaipa yekha, ndipo madisiki enawo anawamanga ndi mphira nkuwatsekera m'kabati. Akuluakulu anasaina dzuwa likupendeka.

Loweruka m'mamawa Eluby anatsikira kudambo. Anapeza Dina ali m'matope mpaka m'mawondo, akuzula mbande pa nazale.

"Achemwali, wokani," anatero Eluby akupinda chitenje chake. "Puloti ndi yanu. Mundipatseko mtolo umodzi, ndiyambire mbali iyi."